Kusandutsa chaputala cha anatomi kukhala makhadi a zithunzi obisa mayina: tiyesere pa mtima

Mng'ono wanga akuphunzira zaunamwino chaka choyamba, ndiye holide ya mu Juni anabwera kudzakhala kwanga kuno ku Dedza boma atanyamula chaputala cha mtima chomwe amayembekezera kudzalemba mayeso akabwerera. Tsiku lina m'mawa ndinamupeza pakhonde akuothera dzuwa, mukudziwa mmene kumazizirira kuno nthawi imeneyi, buku lili pamiyendo, wang'amba timapepala tating'onoting'ono waphimba mayina onse apachithunzi cha mtima, akumavundukula kamodzikamodzi. Kamphepo kochokera kuphiri kakangoti pang'ono timapepala tonse pansi, kuyambiranso. Anandiuza kuti "asisi, njira yake ndi yomweyi basi, ndikangowerenga mayina ali poonekera ndimaona ngati ndawadziwa koma ndikatseka buku mutu uli mbee."

Maganizo ake anali olondola kwambiri. Kuyang'ana chithunzi chokhala ndi mayina kale si kuphunzira, maso amangodutsa. Chofunika ndi choti dzina libisike, inu mulikumbukire nokha, kenako muone ngati mwalondola. Chimene ndinamuonetsa ndi ntchito yomweyo ya timapepala koma pa pulogalamu ya Anki, yomwe imasunganso kuti dzina liti limakuvutani n'kumalibweretsa pafupipafupi. Ndilemba mmene tinachitira kuyambira poyamba, pamodzi ndi pomwe panatilakwika, chifukwa kudina mabatani n'kosavuta, koma kupanga makhadi oti akuphunzitsenidi mtima osati kungokulowezetsani chithunzi chimodzi ndi pomwe pagona nkhani.

Zofunika kukhala nazo

Anki ya pa laputopu ndi yaulere, AnkiDroid ya pa foni za Android ndi yaulerenso, ya pa iPhone yokha ndi yomwe amagulitsa. Chofunika kuonetsetsa ndi nambala yake. Kuyambira pa 23.10, yomwe inatuluka mu 2023, Anki imabwera kale ndi mtundu wa khadi wotchedwa `Image Occlusion`, simufunikanso kuwonjezera kalikonse. Pa foni mufunika AnkiDroid 2.17 kapena yatsopano kuposa apo. Ngati munakopera pulogalamu yakale pa fulashi ya mnzanu ndipo `Image Occlusion` sakuoneka, vuto si inu, ingoikani yatsopano. Kupanga makhadi pa foni kumatheka koma chala n'chachikulu kuyerekeza ndi timayina tapachithunzi, ndiye ngati pali laputopu ngakhale yobwereka kwa madzulo amodzi, pangirani pamenepo, foni ikhale yowerengera.

Choyamba, werengani chaputala, kenako musankhe zithunzi

Musayambe ndi kudula zithunzi. Werengani kaye chaputala chonse mpaka muthe kufotokoza ndi pakamwa njira ya magazi: akuchokera m'thupi kulowa mbali yakumanja ya mtima, kupita kumapapo kukatenga okosijeni, kubwerera mbali yakumanzere, kenako kutumizidwa m'thupi monse. Ngati zimenezi sizinakhazikike m'mutu, makhadi adzakhala mayina achilendo opanda pogwira, mudzawaloweza lero mawa apita.

Chaputala cha mng'ono wanga chinali ndi zithunzi zambirimbiri ndipo iye amafuna zonse zilowe. Ndinakana. Tinatenga pepala la zolinga za phunziro lomwe aphunzitsi awo anawapatsa n'kusankha zithunzi 3 zokha poyambira: mtima wodulidwa pakati woonetsa zipinda ndi mavavu, mtima mmene umaonekera kunja kutsogolo, ndi mmene umaonekera kumbuyo. Zithunzi zokhala ndi mivi yofotokoza mmene zinthu zimayendera, kapena matebulo, tinazisiya, zimenezo zimafuna makhadi a funso ndi yankho. Makhadi obisa mayina amagwira bwino pa funso limodzi lokha: ichi chalozedwachi n'chiyani?

Pa chithunzi chodulidwa pakati chija panali mayina opitirira 20, ife tinasankha 16. Zipinda 4, zomwe ndi `Right atrium`, `Right ventricle`, `Left atrium` ndi `Left ventricle`. Mavavu 4, `Tricuspid valve`, `Pulmonary valve`, `Mitral valve` ndi `Aortic valve`. Mitsempha ikuluikulu: `Superior vena cava`, `Inferior vena cava`, `Pulmonary trunk`, `Pulmonary veins` ndi `Aorta`. Kenako khoma lapakati `Interventricular septum`, tizingwe togwira mavavu `Chordae tendineae` ndi timinofu tomwe tizingweto tamangirirako, `Papillary muscles`. Otsalawo sanali pa zolinga za phunziro, ndiye tinawasiya poonekera osawapangira khadi. Dzina lililonse lomwe mwaphimba ndi ngongole yomwe mudzakhala mukubweza miyezi ikubwerayi, choncho phimbani okhawo omwe mudzafunsidwe kapena mudzagwiritse ntchito mu wodi.

Kutenga chithunzi chooneka bwino

Ngati chaputala chili pa PDF, musadule chithunzi tsamba lili laling'ono. Kulitsani kaye mpaka 150% kapena 200%, bola chithunzi chonse ndi mayina ake zikwane pa sikilini, kenako pa Windows dinani `Win + Shift + S` n'kuzunguliza mbali yomwe mukufuna. Chimene mwadulacho chimakhala chakopedwa kale, mungopita kukachimata mu Anki. Chifukwa chokulitsira n'choti mukadula chili chaching'ono, pa foni timizere tolozera timasowa kapena tiwiri timaoneka ngati kamodzi, ndiye simudziwa kuti funso likuloza vavu kapena khoma lapafupi nayo.

Podula, siyani kunja mawu ofotokoza omwe amakhala pansi pa chithunzi. Nthawi zambiri amatchula mayina omwewo omwe mukufuna kubisa.

Ngati muli ndi buku la mapepala, lijambuleni masana panja pamthunzi, buku ligone bwinobwino, foni ikhale pamwamba penipeni osati chopendekera, ndipo musayatse fulashi ya kamera chifukwa mapepala a mabuku a anatomi ndi onyezimira, pakati pa chithunzi padzangoyera. Mukajambula dulani m'mbali muchotse tebulo ndi zala. Chithunzi cha kamera chimatha kukhala 3 kapena 4 MB, zikakhala 10 ndiye kuti mwafika kale pa 30 kapena 40 MB zomwe zidzadye bandulo potumiza ku foni, pomwe chodula pa sikilini nthawi zambiri sichifika ndi 1 MB yomwe. Ndipo ngati mnzanu akukutumizirani pa WhatsApp, muuzeni atumize ngati dokyumenti, akatumiza mwa nthawi zonse chimafinyidwa timalemba n'kufufutika.

Kulowetsa mu Anki ndi kuphimba mayina

Tsegulani Anki, dinani `Create Deck` kuti mupange deki, yomwe ndi mulu wa makhadi a mutu umodzi, mulembe dzina. Ife tinalemba chonchi kuti machaputala ena adzalowe pansi pa mutu umodzi:

```
Anatomi::Mtima
```

Timadontho tiwiritiwiri timeneto ndi tomwe timauza Anki kuti Mtima ndi kadeki ka mkati mwa Anatomi. Kenako dinani `Add`, pa `Type` sankhani `Image Occlusion`, pa `Deck` onetsetsani kuti pali deki yanu ija. Mudzaona mabatani awiri, `Select Image` ngati chithunzi chili mu fayilo, ndi `Paste Image from Clipboard` ngati mwangochidula kumene. Chikalowa, kumbali kumabwera zida zojambulira, chomwe mudzagwiritse ntchito kwambiri ndi cha makona anayi, `Rectangle`. Mumangokoka kabokosi pamwamba pa dzina, kabokosi kalikonse kadzakhala khadi lakelake.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo pang'ono.

Phimbani dzina, osati chiwalo. Kabokosi kakhale pa mawu okha, kamzere kolozera kasiyeni koonekera kuyambira pomwe kayambira mpaka pomwe kathera. Mng'ono wanga poyamba pa `Aortic valve` anakoka kabokosi kakakulu kamene kanadya theka la kamzere, ndiye powerenga samadziwa ngati funso likuloza vavu ya `Aorta` kapena ya `Pulmonary trunk`, poti ziwirizi pachithunzi zimakhala moyandikana kwambiri. Khadi lotero limakuphunzitsani kulota basi.

Chachiwiri, timabokosi tonse tikhale tofanana kukula. Ichi anthu ambiri sachiganizira. Ukakoka kabokosi molingana ndi kutalika kwa dzina, `Aorta` kake kamakhala kakafupi, `Interventricular septum` kake kamakhala kakatali ngati njanji, ndipo mutu wa munthu ndi wochenjera, pakangotha masiku awiri umayamba kuyankha poona kutalika kwa kabokosi osayang'ananso mtima. Mng'ono wanga anagwa momwemu, amayankha mwaliwiro ine n'kumakondwa, mpaka ndinamufunsa kuti andiloze khomalo ndi chala, anayamba kufufuza. Kukonza kwake n'kosavuta: jambulani kabokosi kamodzi kokwanira dzina lalitali kwambiri, kasankheni, dinani `Duplicate`, n'kumakokera makope ake pa mayina enawo. Pomwe mayina athinana ndipo kabokosi kakakulu sikakukwana, chepetsani koma kasiyenibe kotalikirapo kuposa dzinalo.

Chachitatu, dzina likalembedwa kawiri. Pa chithunzi chathu `Pulmonary veins` linalembedwa mbali zonse ziwiri, chifukwa mitsempha imeneyi ilipo 4, iwiri kuchokera ku phapo lililonse. Mukapanga makhadi awiri osiyana mudzangoyankha funso limodzi kawiri. Phimbani malo onse awiri, sankhani timabokosi tonse tiwiri, dinani `Group Selection`, tidzakhala khadi limodzi, tidzabisika limodzi n'kuvundukuka limodzi. N'chifukwa chake ife tinajambula timabokosi 17 koma makhadi anatuluka 16.

Ndondomeko yojambulira ilinso ndi phindu. Anki imapereka manambala ku makhadi motsatira mmene mwajambulira timabokosi, ndiye ife tinatsatira njira ya magazi: kuyambira pa `Superior vena cava` ndi `Inferior vena cava`, kulowa `Right atrium`, kudutsa `Tricuspid valve`, mpaka kukathera ku `Aorta`. Tsiku loyamba makhadi amabwera ngati nkhani yomwe mukuidziwa kale, masiku otsatirawo Anki imawasakaniza yokha.

Kubisa onse kapena limodzi

Musanadine `Add` pali kusankha pakati pa `Hide All, Guess One` ndi `Hide One, Guess One`. Yoyambayo imabisa mayina onse omwe mwaphimba n'kukufunsani limodzi, kabokosi kofunsidwako kamakhala kofiirira pomwe tinato tili tachikasu. Yachiwiriyo imabisa lokhalo lomwe ikufunsa, ena onse ali poyera.

Pa mtima ine ndimati `Hide All, Guess One`, osakayika. Taganizani, mavavu alipo 4, atatu akuoneka mayina awo, lachinayi labisika. Simufunika kudziwa anatomi kuti muyankhe, mungoona lomwe likusowa. Chimodzimodzi zipinda, mukaona `Left atrium` kumtunda ndiye kuti chapansi pake mwachidziwa kale. Pa mayeso sadzakupatsani thandizo limenelo. Njira yachiwiriyo ndimaiona yothandiza pa zithunzi zothinana kwambiri, monga mabowo apansi pa chigaza, pomwe ukabisa zonse umasowa ndi poyambira pomwe. Ngati mukuwerenga ndipo mwasokonekera, mukavundukula yankho pansi pa chithunzi pamakhala batani la `Toggle Masks` lovundukula zonse kuti muone chithunzi chathunthu.

Header ndi Back Extra

Pali malo olembapo mawu. `Header` imaoneka pamwamba pa chithunzi nthawi ya funso, ndiye lembanimo zokuthandizani kudziwa mbali yomwe mukuyang'ana, monga "Mtima wodulidwa, tikuuona kutsogolo". Musalembemo dzina la chiwalo chilichonse. `Back Extra` imaoneka mukavundukula yankho. Koma dziwani malire ake: zomwe mwalemba mmenemo zimaoneka pa makhadi onse 16 a chithunzi chimenecho, si za khadi limodzi. Choncho musadzazemo manotsi a chaputala chonse, ikanimo mizere iwiri kapena itatu yokhudza chithunzi chonse. Ife tinalemba zitatu: kuti `Mitral valve` mabuku ena amaitcha `Bicuspid valve` ndipo ili ndi timapiko 2 pomwe `Tricuspid valve` ili ndi 3, kuti khoma la chipinda chapansi chakumanzere ndi lokhuthala pafupifupi katatu kuposa lakumanja poti limakankha magazi thupi lonse pomwe linzakelo likungokankhira kumapapo, ndi tsamba la buku pomwe chithunzi chachokera. Zinazo, monga ntchito ya tizingwe tija toletsa mavavu kupindikira m'zipinda zam'mwamba mtima ukafinya, tinazipangira makhadi wamba a funso ndi yankho.

Mukatha dinani `Add`. Kenako musathamangire chithunzi china, pitani kaye pa `Browse`, sankhani khadi limodzi, dinani `Preview`, muone ngati palibe chilembo chomwe chikusuzumira m'mbali mwa kabokosi. Ka "T" kamodzi kotsalira ndi kokwanira kuulula yankho.

Kumanja ndi kumanzere

Ili ndi vuto lomwe limagwetsa ambiri ndipo makhadi akhoza kulikulitsa mukapanda kusamala. Zithunzi za anatomi zimajambulidwa ngati munthu wakuyang'anani maso ndi maso, ndiye kumanja kwake kuli kumanzere kwanu. `Right atrium` mudzaiona kumanzere kwa sikilini. Koma pa chithunzi cha mtima chakumbuyo zinthu zimatembenuka, kumanja kwake kumakhala kumanja kwanunso. Munthu amene analoweza kuti "kabokosi kakumanzere kumtunda ndi `Right atrium`" akafika pa chithunzi chakumbuyo amasokonekera kotheratu. Mng'ono wanga tsiku lomwe tinawonjezera chithunzi chakumbuyo analakwitsa zipinda zam'mwamba zonse ziwiri, ndipo zinali bwino kuti zinachitikira pakhonde osati m'chipinda cha mayeso.

Mankhwala ake ndi kuzindikira chipinda ndi zomwe zalumikizana nacho osati malo ake pa pepala. Chomwe mitsempha iwiri ikuluikulu yochokera kumtunda ndi kumunsi ikuthiramo, chimenecho ndi `Right atrium`. Chomwe mitsempha 4 yochokera kumapapo ikuthiramo ndi `Left atrium`, ndipo chimaoneka bwino kumbuyo poti ndi chomwe chatenga mbali yaikulu ya kumbuyo kwa mtima. Chakhoma lokhuthala chomwe chapanga nsonga ya mtima ndi `Left ventricle`. Musanatchule yankho, nenani kaye mumtima chifukwa chake.

Mitundu nayonso imanamiza. Ambiri tinazolowera kuti wofiira ndi mtsempha wochoka ku mtima, wabuluu ndi wobwerera. Koma m'mabuku ambiri mtundu umasonyeza okosijeni, ndiye `Pulmonary trunk` yomwe ikuchotsa magazi ku mtima imapakidwa buluu poti magazi ake sanafike kumapapo, ndipo `Pulmonary veins` zimapakidwa zofiira. Pepala la mayeso nthawi zambiri ndi fotokope yakuda ndi yoyera, mitundu kulibeko. Ndi chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti mwa zithunzi zanu chimodzi chikhale chopanda mitundu, mwina chochokera m'buku lina kapena pa pepala la mayeso akale.

Mungadziwe bwanji kuti mwaloweza chithunzi osati mtima

Chizindikiro chachikulu ndi liwiro. Ngati yankho likubwera maso anu asanatsatire kamzere kukafika pa chiwalo, ndiye kuti mukuyankha malo a kabokosi. Dziyeseni chonchi: tsekani foni, tengani pepala, jambulani mtima wa zipinda 4 ngakhale usaoneke bwino, ikani mavavu ndi mitsempha pamalo pake, lembani mayina. Pomwe dzanja layima ndi pomwe simukudziwa, kaya Anki ikuti mukukhoza.

Ife tinapita patsogolo pang'ono. Loweruka lina tikuchokera ku Ntcheu tinaima pa Lizulu kugula kabichi ndi mbatatesi, ndipo ndinapempha bambo wina wogulitsa nyama ya mbuzi kuti atigulitse mtima wathunthu asanauduledule. Kunyumba tinautsuka, ndinamuuza mng'ono wanga aufinye ndi zala mbali zonse ziwiri. Mbali ina inali yolimba ngati mpira wopopa bwino, ina yofewa yolobodoka, ndipo anati yekha "asisi, yolimbayi ndiye yakumanzere eti?" Titaudula ndi mpeni kuchokera kumtunda kutsikira kunsonga, tizingwe tija tinaoneka toyera ngati ulusi wosokera, tolimba zedi ukatikoka ndi chotokosera m'mano, tikuchokera pa timinofu totumphuka m'khoma kupita ku timapiko ta vavu. Anaujambula pa mbale yoyera, analemba mayina ndi timizere pogwiritsa ntchito chokonzera zithunzi cha mu foni, kenako tinaulowetsa mu Anki n'kuphimba mayinawo ngati poyamba paja. Chenjezo limodzi: mtima wa mbuzi ndi wabwino pa zipinda, mavavu ndi khoma lapakati, koma musaphunzirirepo nthambi za `Aorta`. Mwa munthu pa uta wake pamatuluka nthambi 3, mwa mbuzi imatuluka imodzi yomwe imakagawikana patsogolo. Zimenezo tengani m'buku.

Kuchuluka kwa makhadi patsiku ndi kayankhidwe

Chithunzi choyamba chinatipatsa makhadi 16, chakutsogolo 12, chakumbuyo 9, onse pamodzi 37. Anki ikangoikidwa kumene imapereka makhadi atsopano 20 patsiku, ndipo ukamapitiriza choncho tsiku ndi tsiku obwereza amadzafika pafupifupi 200 patsiku, omwe kwa munthu yemwe ali ndi maphunziro ena komanso ntchito zapakhomo ndi ambiri. Dinani kachizindikiro ka giya pafupi ndi deki, sankhani `Options`, pa `New cards/day` ikani 10. Makhadi 37 amatha kulowa onse m'masiku 4, ndipo obwereza sakulemerani.

M'menemo mulinso `Bury new siblings`. Mukaiyatsa, Anki imakupatsani khadi latsopano limodzi lokha patsiku kuchokera pa chithunzi chimodzi, ndiye chithunzi cha makhadi 16 chingatenge masiku 16 kuti chithe. Ngati mwasankha kubisa mayina onse, khadi lina siliulula yankho la linzake, choncho isiyeni yozima.

Poyankha, musavundukule musanatchule dzina mokweza kapena kulilemba. Makhadi amenewa sayesa kalembedwe, ndipo mawu ngati `Chordae tendineae` ukhoza kuwadziwa pakamwa koma pa pepala n'kuwaphonya, ndiye sungani kope pambali muzilemba ovutawo. Mukasinthanitsa kumanja ndi kumanzere, pa mabatani omwe amabwera mukavundukula yankho dinani `Again`, losonyeza kuti mwalakwa, osati `Hard` podzitonthoza kuti munatsala pang'ono. `Hard` ndi ya pomwe mwakhoza koma movutikira. Mukadina `Hard` pa khadi lomwe mwalakwa, Anki imatenga ngati mwakhoza n'kulikankhira patsogolo, ndipo kusokoneza mbali kwa munthu yemwe adzagwire odwala si kulakwa kwakung'ono.

Kutumiza ku foni, ndi zomwe zimavuta

Tsegulani akaunti yaulere ya AnkiWeb, tsamba la Anki losungira makhadi pa intaneti, dinani `Sync` pa laputopu, kenako lowani ndi akaunti yomweyo pa AnkiDroid. Zithunzi zimatumizidwa padera pambuyo pa makhadi, ndiye netiweki ikaduka pakati mudzapeza makhadi afika koma chithunzi palibe. Musafufute kanthu, bwererani pa laputopu mudinenso `Sync` mudikire mpaka ithe, kenako muchite chimodzimodzi pa foni. Zikangofika, kuwerenga sikufunanso intaneti, ngakhale kumudzi ku Kasumbu kapena ku Tsangano muwerenga bwinobwino bola foni ili ndi moto.

Ngati bandulo palibe, pali njira ina. Pa `File` sankhani `Export`, mtundu wa fayilo ukhale wa `.apkg`, chongani `Include media`, tumizani fayiloyo ku foni ndi kebulo n'kuitsegula mu AnkiDroid. Ngati mukupatsa anzanu a m'kalasi, chotsani chongi pa bokosi lonena za `scheduling` kuti asatengere masiku anu obwerezera. Chithunzi chikaoneka pa foni koma timabokosi palibe, mayina onse ali poyera, kawirikawiri ndi AnkiDroid yakale, ikani yatsopano.

Kabokosi kakakhala kopendekera kapena kakuphimba kamzere, simufunika kuyambiranso. Pitani pa `Browse`, sankhani khadi lililonse la chithunzicho, sunthani kabokosiko, kusinthako kudzafika pa makhadi onse ndipo mbiri ya kuwerenga kwanu sitayika. Mukafufuta kabokosi, khadi lake limatsala lopanda funso, ndiye pitani pa `Tools` musankhe `Empty Cards` mulichotse. Ife tinachotsa limodzi titazindikira kuti kamzere ka `Papillary muscles` pa chithunzi choyamba chija kamathera pakati pa kamnofu ndi khoma moti sitimagwirizana kuti kakuloza chiyani, ndipo m'malo mwake tinasiya la pa mtima wa mbuzi uja pomwe kamnofuko kakuoneka bwinobwino ndi tizingwe take.